Vidiyo ya 4K pa laputopu yakaunjika: mmene mapulokisi amapepuzira ntchito yoedita

Aliyense amene anayesapo kuedita vidiyo ya 4K pa laputopu yakaunjika amazidziwa zizindikiro zake. Mukadina kuti vidiyo iyambe, mawu amapita koma chithunzi chimatsalira m'mbuyo, chikudodoma. Mukakoka kamzere ka pa taimulaini kufuna pomwe mkwatibwi analowera m'tchalitchi, makina amayamba aganiza kaye, fani ikulira, kenako pamwamba pa windo pamatuluka mawu aja oti `Not Responding`. Ambiri akafika apa amati mafayilo akula kwambiri. Ena amakagula RAM yowonjezera n'kupeza kuti vuto lija langochepa pang'ono. Zoona zake n'zakuti chimene chimalemetsa vidiyo si kukula kwa fayilo kwenikweni, koma mmene kamera inaipanikizira poisunga. Amene wamvetsa zimenezi amapanga mapulokisi othandiza, omwe ndi makope opepuka a mafayilo a vidiyo ogwiritsa ntchito poedita. Amene sanamvetse amatha kutaya usiku wonse akupanga mapulokisi amene akujamabe.

Tiyambe ndi kukula kuja kuti tikuchotse panjira. Kamera ngati Sony A7 III, yomwe ojambula maukwati ambiri amaikonda, imajambula 4K pa 100 Mbps. Mukagawa ndi 8, ndiye kuti sekondi iliyonse imadya 12.5 MB, ndipo ola limodzi limadzaza 45 GB. Zikumveka zambiri, koma hadi disiki wamba yolumikiza pa USB 3.0 imatha kupereka pafupifupi 100 MB pa sekondi ikamawerenga fayilo imodzi mondondoza. Choncho disiki ikukwanitsa bwinobwino kupereka vidiyoyo. Pamene pakuthina ndi pomasula zimene disikiyo yapereka.

Kamera yojambula mafulemu 25 pa sekondi sisunga zithunzi 25 zathunthu. Makodeki, kapena kuti njira zopanikizira vidiyo, a H.264 ndi H.265, omwe ali m'makamera ambiri, m'madroni ndi m'mafoni, amasunga chithunzi chathunthu kamodzikamodzi, mwina pakapita theka la sekondi kapena sekondi imodzi. Pakati ponsepo amangolemba zimene zasintha: dzanja lasuntha chakuti, mbali iyi yawala pang'ono, kwinako kuli mmene kunaliri. Mafulemu ena amadaliranso fulemu imene ili kutsogolo kwawo, osati yam'mbuyo yokha. Zili ngati mlembi wa banki m'khonde amene amalemba ndalama zonse za gulu kamodzi pamwezi, ndipo masabata apakatiwo amangolemba kuti wakuti waponya zakuti, wakuti wakongola zakuti. Buku lake limakhala laling'ono, koma mukamufunsa kuti m'bokosi munali zingati Lachitatu lapakati pamwezi, ayenera kubwerera pomwe analemba zonse n'kuyamba kuwerengera mzere ndi mzere mpaka afike pa tsikulo.

Poonera filimu, zimenezi sizivuta, chifukwa makina amangowerenga kupita kutsogolo. Koma woedita sayenda choncho. Amadumpha uku ndi uku, amabwerera m'mbuyo, amaima pa fulemu imodzi n'kudula. Akangodula pakati, laputopu iyenera kubwerera ku fulemu yathunthu yapafupi n'kumasula zonse zapakati kuti ionetse imodzi yokhayo. Ndipo fulemu iliyonse ya 4K, ya 3840 ndi 2160, ili ndi mapikiselo oposa 8 miliyoni. Mukaika makamera awiri pamodzi kuti muzisankha ngodya, ntchito ija yawirikiza.

Palinso china chimene chimasokoneza anthu: mafayilo ena a 4K amaseweredwa bwinoko pa laputopu yomweyo, ena osayenda n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa pulosesa muli kachigawo kapadera komasulira vidiyo, komwe Intel amakatcha Quick Sync, ndipo kamangodziwa mitundu ina yokha. Mapulosesa a m'badwo wa 6, omwe anatuluka mu 2015, amamasula H.264 ndi H.265 ya 8-bit. Kumasula H.265 ya 10-bit, yomwe imasunga mitundu yochuluka kuposa 8-bit, mokwanira kunayamba ndi m'badwo wa 7. Vidiyo ikakhala ya mtundu umene kachigawoka sikaudziwa, katundu yense amagwera pulosesa yeniyeniyo, ndipo pa laputopu yotchipa ndi pamene zonse zimaimira. Masiku ano 10-bit sili m'makamera odula okha. Ma iPhone kuyambira 12 amajambula H.265 ya 10-bit ngati HDR ili yoyatsa, ndipo madroni angapo a DJI amateronso. Kavidiyo kotumizidwa ndi mlamu wa mkwati kakhoza kukhala kolemera kuposa ka kamera yanu yaikulu.

Pulokisi ndi kope lopepuka la fayilo iliyonse, lomwe pulogalamu yoeditira imakuonetsani m'malo mwa fayilo yeniyeni pamene mukugwira ntchito. Kutalika kwake n'kofanana ndendende ndi kwa fayilo yeniyeni, mafulemu ake ndi ochuluka chimodzimodzi, moti mukadula pa fulemu ya 500 ya pulokisi, mwadula pa fulemu ya 500 ya yeniyeniyo. Pofika potulutsa vidiyo yomaliza, pulogalamu imasiya mapulokisi n'kutenga mafayilo enieni a 4K. Kasitomala salandira chinthu chofooka ayi. Nzeruyi ndi yakale: oedita mafilimu ankadula kope lina la filimu n'kusunga negetivu yeniyeni mpaka atagwirizana za madulidwe onse.

Pulokisi yabwino imapepuka pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mapikiselo: 1280 ndi 720 ndi gawo limodzi mwa magawo 9 a 4K, pamene 960 ndi 540 ndi gawo limodzi mwa 16. Chachiwiri, chomwe ambiri amachiphonya, ndi kodeki. ProRes Proxy ya Apple, DNxHR LB ya Avid ndi CineForm zimasunga fulemu iliyonse yathunthu payokha, kotero laputopu ikafuna fulemu ya 500 imangoitenga, osawerengera zam'mbuyo. N'chifukwa chake fayilo ya ProRes, ngakhale ikhale yaikulu kangapo kuposa ya H.264 ya mapikiselo omwewo, imayenda mofewa mukamakoka kamzere kaja.

Musanapange chilichonse, yambani mwaona pamene pakuthina. Tsegulani pulojekiti, seweretsani malo amene amajama, ndipo dinani `Ctrl+Shift+Esc` kuti mutsegule `Task Manager`, kenako `Performance`. Ngati `CPU` yakakamira pa 100% pomwe `Video Decode` ya pansi pa `GPU` ili ziii, ndiye kuti pulosesa ikumasula yokha vidiyo, ndipo mapulokisi akuchiritsani ndithu. Ngati `Disk` ndi imene ili pa 100%, mafayilo ali pa chinthu chochedwa: fulashi, memole khadi, kapena hadi disiki yolumikizidwa pa USB 2.0, yomwe sipitirira 40 MB pa sekondi. Apa mapulokisi athandiza pokhapokha mutawaika pa SSD. Koma ngati `Memory` ndi imene yadzaza musanasewerenso kanthu, mapulokisi angochepetsako vuto. Tsekani Chrome ndi zina zonse, ndipo ganizirani ngati pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ikuyenera makina anuwo. Opanga DaVinci Resolve amati pa Windows pamafunika RAM ya 16 GB. Pa 8 GB imatseguka, koma imakhala ikupuma movutikira. Shotcut ndi Kdenlive ndi zaulere ndipo ndi zopepukirapo.

Chitsanzo: ukwati wa tsiku lonse pa laputopu ya 8 GB

Titenge laputopu yofala m'mashopu a zakaunjika, HP EliteBook 840 G3: pulosesa ya i5 ya m'badwo wa 6 yokhala ndi makoo awiri, RAM 8 GB, SSD ya 256 GB. Ntchito ndi ukwati, kuyambira kusaluni mpaka perekaniperekani. Kamera yoyamba yajambula maola atatu a 4K pa 100 Mbps, ndiwo 135 GB. Yachiwiri, yomwe inali pa thirayipodi m'tchalitchi ndi muholo, yajambula maola awiri, 90 GB. Droni ya DJI Air 2S yajambula mphindi 20 za H.265 ya 10-bit, zomwe pa 150 Mbps zimafika 22 GB. Pali ndi timavidiyo ta pafoni ta mphindi 20 tomwe achibale aumirira kuti tilowemo. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 250 GB. Pa SSD ya laputopuyi, yomwe ili kale ndi Windows ndi mapulogalamu, sizingakwane.

Mafayilo enieni akhale pa hadi disiki yakunja, ndipo kope lina likhale pa disiki yachiwiri musanafufute makhadi. Apa pali msampha woti muuzembe pa tsiku loyamba lomwelo. Makamera a Sony amayamba kutchula mafayilo kuti `C0001.MP4`, `C0002.MP4`, ndipo ngati makamera onse awiri ndi a Sony, mukhala ndi ma `C0001.MP4` awiri, wina wa kusaluni, wina wa m'tchalitchi. Pulogalamu ikadzasowa fayilo n'kuyamba kufufuza ndi dzina, ikhoza kumata pulokisi ya kamera ina pa fayilo ya kamera inzake. Mumadzaona pa vidiyo yomaliza kuti pamene munadula abusa akudalitsa mphete patuluka mkwatibwi akupakidwa zodzoladzola. Ikani kamera iliyonse mu foda yakeyake, ndipo ngati mukusintha mayina kuti akhale ngati `A_C0001.MP4` ndi `B_C0001.MP4`, chitani zimenezo musanalowetse kanthu mu pulogalamu. Mukangolowetsa, mayina ndi mafoda asakhudzidwenso.

Tsopano kukula kwa mapulokisi. ProRes Proxy ya 1280 ndi 720 pa mafulemu 25 imadya pafupifupi 19 Mbps, kapena kuti 9 GB pa ola. Zojambula zathu zonse ndi maola asanu ndi mphindi 40, ndiye mapulokisi atenga malo okwana 50 GB. Amenewo akwana pa SSD yamkati, ndipo ndi komwe ayenera kukhala. Mukanasankha 1920 ndi 1080, ola lililonse likanadya 17 GB, zonse pamodzi kuyandikira 100 GB, pomwe kawindo koonera vidiyo pa sikirini ya mainchesi 14 sikafika n'komwe pa mapikiselo amenewo. Ine ndimaona 720 kukhala pakatikati pabwino: nkhope zimazindikirika, milomo imaoneka bwino pogwirizanitsa ndi mawu. Ngati makamera ndi atatu kapena anayi oti aseweredwe nthawi imodzi, tsikani pa 540. Kumbukiraninso kuti zojambulidwa pa mafulemu 50 zimadya malo owirikiza.

Kukonza kotereku kuli ndi phindu lina losayembekezereka. Mapulokisi akakhala mkati, mutha kuzula hadi disiki yakunja n'kumaedita popanda iyo. Batire imakhalitsako magetsi akathima, ndipo disiki yokhala ndi ukwati wa anthu siyendayenda m'chikwama pa minibasi.

Mu Premiere Pro, sankhani mafayilo mu `Project`, dinani kumanja, kenako `Proxy` ndi `Create Proxies`. Sankhani `QuickTime` ndi ProRes, osati H.264. M'mitundu yatsopano mumasankha kukula ngati `Half` kapena `Quarter`, ndipo `Quarter` ya 4K ndi 960 ndi 540. M'mitundu yakale muli mndandanda wa makulidwe okonzeratu, ndipo pamenepo tengani wa 1280 ndi 720, chifukwa wa 1024 ndi 540 mawonekedwe ake ndi otambalala kuposa a kamera yanu, ubweretsa timizere takuda m'mbali. Onetsani foda ya pa SSD. Ntchitoyo imapita ku Adobe Media Encoder. Ikatha, chinthu chimene anthu ambiri amaiwala ndi kuyatsa mapulokisiwo. Dinani chizindikiro cha `+` pansi pa windo loonera vidiyo, kokerani batani la `Toggle Proxies` pa mzere wa mabatani, ndipo lidineni mpaka lisanduke labuluu. Likakhala losayatsa, mukueditabe 4K ija ngakhale mapulokisi alipo.

Mu DaVinci Resolve, pitani ku `Project Settings`, `Master Settings`, mupeze `Proxy media resolution` ndi `Proxy media format`. Pa Windows sankhani `DNxHR LB`. Kenako sankhani mafayilo, dinani kumanja, `Generate Proxy Media`, ndipo pa `Playback`, `Proxy Handling` musankhe `Prefer Proxies`. Pa menyu yomweyo pali china chomwe chimangotsitsa maonekedwe a taimulaini kukhala theka kapena kota. Chimenecho sichipanga fayilo yatsopano. Laputopu imamasulabe 4K yonse kenako n'kuichepetsa, ndiye ngati vuto lanu ndi kumasula, simuona kusintha kwenikweni. N'chimodzimodzi ndi `1/2` ndi `1/4` ya mu Premiere: imathandiza pa maifekiti, koma pa H.265 yolemera imachita zochepa. Mu Shotcut nkhani ndi yaifupi: `Settings`, `Proxy`, `Use Proxy`, ndipo muyatsenso `Preview Scaling` pa 540p.

Pa laputopu ya 8 GB, kutsegula Premiere ndi Media Encoder nthawi imodzi n'kulemetsa kale makina. Njira ina ndi FFmpeg, pulogalamu yaulere yopanda mabatani, yongolembera malamulo. Mukaiika pa makina, tsegulani `cmd` mu foda ya kamera imodzi n'kulemba izi:

```
mkdir Proxy
for %i in (*.MP4 *.MOV) do ffmpeg -n -i "%i" -map 0:v:0 -map 0:a? -vf scale=iw/3:ih/3 -c:v prores_ks -profile:v 0 -pix_fmt yuv422p10le -c:a pcm_s16le "Proxy\%~ni_Proxy.mov"
```

Mawu oti `scale=iw/3:ih/3` akugawa mulifupi ndi mulitali ndi 3, kotero 4K isanduka 1280 ndi 720, ndipo vidiyo ya pafoni yoimirira ikhalabe yoimirira. `-profile:v 0` ndiye ProRes Proxy. `-map 0:a?` ikutenga mawu onse a mu fayilo ngati alipo, n'kupitirira ngati palibe, monga zimakhalira ndi droni. Mawuwo musawachotse pofuna kusunga malo, chifukwa Premiere imadandaula ngati njira za mawu za pulokisi sizikufanana ndi za fayilo yeniyeni. Zikatha, samutsirani foda ya `Proxy` ku SSD, kenako mumate ndi `Attach Proxies` mu Premiere kapena `Link Proxy Media` mu Resolve.

Kachilembo ka `-n` kali ndi ntchito yake kwathu kuno. Kamauza FFmpeg kuti isakhudze fayilo imene ilipo kale. Magetsi akathima pakati pausiku batire n'kutha, m'mawa simuyambiranso pachiyambi: lembaninso lamulo lomwelo, ipitirira pomwe inalekera. Koma yambani mwafufuta pulokisi yomaliza imene inali mkati mopangidwa. Fayilo ya `.mov` yodukizidwa siseweredwa, ndipo mukaisiya, `-n` iiona ngati yatha n'kuidumpha.

Kupanga mapulokisi ndi ntchito yolemera yomwe ija, kungoti imachitika kamodzi inu mukugona. Kuti mudziwe kuti itenga nthawi yotani, yesani fayilo imodzi yaifupi. FFmpeg imaonetsa `speed=` pansi. Ikalemba `0.5x`, ndiye kuti ola limodzi la vidiyo litenga maola awiri, ndipo ukwati wathu uja udya usiku wonse ndi kam'mawa komwe. Mafayilo a droni achedwa kuposa a Sony pa chifukwa cha 10-bit chija. Laputopu ikhale pa chaja, chifukwa pa batire Windows imachepetsa mphamvu ya pulosesa. Letsani makina kugona pa `Power & sleep`. Muiike pa tebulo, kumbuyo kwake kutakwezedwa pang'ono, osati pa matiresi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pulosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo laputopu yakaunjika imene fani yake sinapukutidwepo fumbi imafika msanga pamenepo.

Ngati nthawi ndi yochepa, simukakamizidwa kupanga pulokisi ya fayilo iliyonse. Yambani ndi droni ndi mafoni, zomwe laputopuyi imavutika kuzimasula, kenako zigawo zimene makamera awiri aziseweredwa limodzi. Komanso A7 III yomweyo ili ndi `Proxy Recording`, yomwe imajambula kope la 1280 ndi 720 nthawi imodzi ndi 4K n'kulisunga mu foda ya `SUB` pa khadi. Makope amenewa ndi a H.264, ndiye safewa ngati ProRes pokoka kamzere, koma ndi aang'ono ndipo laputopu ya m'badwo wa 6 imawamasula mosavuta. Kuyatsa chinthu chimenechi musanapite ku ukwati kumakupulumutsirani usiku wathunthu.

Pamene zimasokonekera

Mavidiyo a pafoni ali ndi khalidwe lawolawo. Foni sijambula mafulemu ofanana sekondi iliyonse. Kukada kapena ikatentha imachepetsa, kenako n'kubwezeretsa. Pulokisi ikapangidwa ndi liwiro lokhazikika pomwe fayilo yeniyeni ikusinthasintha, ziwirizi zimayamba limodzi koma zimasiyana pang'onopang'ono. Mumaedita zonse zili bwino, koma vidiyo yomaliza ikatuluka, milomo ya ankhoswe ikutsogola mawu akutsalira, ndipo kusiyanako kumakula kumapeto kwa kavidiyo katalikatali. Kuti mudziwiretu, tsegulani fayilo mu MediaInfo, pulogalamu yaing'ono yaulere, muone mzere wa `Frame rate mode`. Ukalemba `Variable`, musapange pulokisi kaye. Idutsitseni fayiloyo mu HandBrake mutasankha `Constant Framerate`, pa kukula kwake komweko ndi ubwino wapamwamba, ndipo fayilo yatsopanoyo ndi imene ikhale yeniyeni mu pulojekiti. Pulokisi ichokere pa imeneyo.

Lamulo lomweli likhudzanso zojambula za mafulemu 50 zomwe mukufuna kuchedwetsa, monga akwati akuvina polowa muholo. Pulokisi ikhalenso ya mafulemu 50. Musaitsitse pa 25 pofuna kusunga malo, chifukwa mafulemu sadzagwirizananso. Mu Premiere, kusintha liwiro la fayilo kudzera pa `Interpret Footage` kwakhala kukusokoneza mapulokisi, ndiye n'kwabwino kuchedwetsa pa taimulaini ndi `Speed/Duration`.

Vuto lina ndi la Windows lenileni. Hadi disiki yakunja lero ikhoza kukhala `E:`, mawa mutalowetsa fulashi kaye n'kukhala `F:`, ndipo pulogalamu imati mafayilo asowa. Popeza mapulokisi akuonekabe, mwina simuzindikira mpaka tsiku lotulutsa. Ipatseni disikiyo chilembo chakutali ngati `V:` kudzera mu `Disk Management`, sichidzasinthanso.

Pali zinthu zimene pulokisi singakuuzeni, ndipo chachikulu ndi fokasi. Pa 720, nkhope imene kamera inaiphonya pang'ono imaoneka yakuthwa ngati zinzake. Mumasankha chithunzi chimenecho kukhala chachikulu cha kupsompsonana, kenako pa TV yaikulu ya kasitomala chimaoneka kuti fokasi inali pa maluwa akumbuyo. Pa zithunzi zofunika, imitsani vidiyo, zimitsani mapulokisi, muone fulemu yeniyeni, n'kuyatsanso. Kuonetsa fulemu imodzi yoima laputopu iliyonse imakwanitsa. Chimodzimodzi ndi timadontho ta mumdima: holo yamadzulo yojambulidwa pa ISO yokwera imaoneka yoyera pa pulokisi chifukwa kuchepetsa chithunzi kumabisa timadonthoto. Pokonza mitundu, mutha kuyamba ndi mapulokisi, koma chigamulo chomaliza chichitike pa mafulemu enieni.

Komanso pulokisi imapepuza kumasula vidiyo, osati chilichonse chimene mwaunjika pamwamba pake. `Warp Stabilizer` yoletsa kugwedera kwa chithunzi, zochotsa timadontho, mawu owuluka okhala ndi mithunzi, zonsezi zimalemera pazokha. Zisiyeni mpaka madulidwe onse atatha, ndipo zoletsa kugwedera zija muziike disiki ya mafayilo enieni italumikizidwa. Ngati vidiyo yomaliza ikupita kwa kasitomala pa fulashi kapena pa YouTube ngati 1080, taimulaini ikhalenso ya 1920 ndi 1080 kuyambira pachiyambi. Maifekiti onse awerengedwa pa mapikiselo 2 miliyoni m'malo mwa 8 miliyoni, ndipo 4K ija ikupatsani mpata wokulitsa chithunzi kawiri popanda kuwonongeka, zomwe zimathandiza kamera ya pa thirayipodi ikakhala kuti inaima kutali ndi guwa.

Tsiku lotulutsa, lumikizani hadi disiki ndipo tsimikizani kuti palibe fayilo yosowa. Mu Premiere, ngati munaedita disiki itazulidwa, gwiritsani ntchito `Reconnect Full Resolution Media` pa zimene sizinabwerere zokha. Premiere imatenga mafayilo enieni potulutsa ngakhale batani labuluu lija lili loyatsa, pokhapokha mutachonga `Use Proxies` pa zosankha zotulutsira. Mu Resolve, pa tsamba la `Deliver`, pansi pa `Advanced Settings`, pali `Use proxy media`, ndipo pasakhale chongi. Bokosi lomwelo lili ndi ntchito yake nthawi ina: mukafuna kutumizira akwati kope loti aone ngati pali azakhali amene asiyidwa, lichongeni, vidiyo ituluka msanga kwambiri.

Kutulutsa kwenikweni kukhala kochedwa, chifukwa apa laputopu ibwerera ku 4K ija, ndipo mapulokisi alibenso chochita. Musayambe ndi vidiyo yonse ya maola awiri. Tulutsani kaye mphindi imodzi yokhala ndi droni, foni ndi makamera onse awiri, muione pa sikirini yonse. Yang'anani zinthu zazing'ono monga zolemba pa keke kapena mikanda ya pa diresi. Zikaoneka zofewa ngati mmene zinkaonekera poedita, ndiye kuti patuluka pulokisi, bwererani mukaone bokosi lija ndi malumikizidwe a mafayilo. Zikakhala zakuthwa ndipo milomo ikugwirizana ndi mawu, tulutsani yonse. Ngati magetsi sakudalirika, igaweni m'zigawo, tchalitchi payokha, zithunzi payokha, holo payokha, kuti kuthima kumodzi kusakutayitseni maola onse. Kasitomala akalandira n'kuvomereza, foda ya mapulokisi ifufuteni kuti 50 GB ija ibwerere. Mafayilo enieni ndi fayilo ya pulojekiti ndi zimene muyenera kusunga, chifukwa akadzabwera chaka chamawa kufuna kavidiyo kakafupi kokumbukira tsiku laukwati, mapulokisi mutha kuwapanganso ndi lamulo lomwe lija.